Nambala Yofiira Pamasamba a Fodya

A Ezelina anasowa pa mzere wa feteleza, masana dzuwa likuswa mtengo, pakati pa khwimbi la anthu loti aliyense anawaona koma palibe amene anawayang'ana. Kuponi inali m'dzina lawo, ndipo padepoti ankafuna mwini dzina aonekere yekha, kaya mutu ukuyenda kaya sukuyenda. Mutu wa a Ezelina unali utasiya kuyenda bwino chimwalirire amuna awo. Ankaiwala mphika pamoto, ankaitana adzukulu ndi mayina a anthu amene anagona kalekale, ndipo tsiku lina anapita kudimba atavala za ku Mvano. Mlongo wawo, a Lameki, anawakweza pa njinga kuchokera ku Kaomba, nawakhazika pansi pa mtengo wa mango, nawauza kuti asachoke, akaone kaye ngati mzere ukusuntha. Pobwerako anapeza chitenje chokha chili choyala pansi.

Anafunsa ogulitsa mandasi, anafunsa a kabaza, anakanena kupolisi, anakasuzumira m'mawodi a kuchipatala. Mpingo unalengeza, wailesi inalengeza. Zii. Apa mpamene a Lameki anatulukira pakhomo la kashopu kosindikiza mapepala kuseri kwa msika wa pa Boma, komwe ankagwira ntchito Feggie, mwana wamkazi wa a Ezelina. M'thumba la jekete anali ndi chithunzi chokulunga m'pepala la pulasitiki.

Feggie ankadziwa ntchito yake, ndipo izi sindikumukometsera ayi. Ankapanga zikwangwani za ogulitsa mbewu, makhadi a ukwati, makalendala a mipingo. Koma ku Kasungu ukwati umadikira fodya agulitsidwe, pamene imfa sidikira kanthu, ndiye ntchito imene inkamudyetsa kwenikweni inali mapologalamu a maliro. Abwino kwambiri ankawamata pakhoma kuti makasitomala azisankhapo. Khoma lonse la kumanja linali nkhope za anthu akufa, aliyense atakhala bwinobwino pamwamba pa dzina lake.

Chithunzi chimene anabweretsa amalume akewo chinali chokhacho chooneka nkhope. Anajambula ndi wojambula wina woyenda pa njinga, tsiku limene a Ezelina ankachokera ku Mvano, ataima m'munda wa fodya wa amuna awo: duku loyera, bulauzi yoyera, siketi yakuda, ndipo fodya atawazungulira mbali zonse, wotalika kufika m'mapewa. Kumwamba kunangotsala kachigawo kochepa ka thambo lotuwa. Feggie anachilowetsa m'kompyuta, nachikulitsa mpaka chadzaza tsamba lonse. Mayi ake anamuyang'ana kuchokera pagalasi, akumwetulira ngati palibe chimene chachitika. Anapukuta maso ndi msana wa dzanja, nayamba ntchito.

Mawu akuti ASOWA anawaika pathambo paja, akuluakulu, akuda. Anakhala bwino, poti pansi pake panali poyera ndi posalala. Vuto linali dzina ndi nambala ya foni. Malo otsala onse anali masamba, ndipo tsamba la fodya pachithunzi ndi chinthu chosakhulupirika: pena likunyezimira ndi dzuwa, pena lalowa mumthunzi wakuda bii. Zilembo zoyera zinkasowa ponyezimira, zakuda zinkamira pamthunzi. Dzina ukhoza kuliganizira chilembo chimodzi chikabisika, koma nambala ya foni ilibe chisoni, ikasowa imodzi zasowa zonse.

Feggie anachita zimene ankachita masiku onse. Anayala kamdima koonekera mkati, kuyambira pansi pa chithunzi, kokhuthala kumapazi, kumapepuka pokwera, kukathera m'chiuno. Kamdimako kanaziziritsa kunyezimira kwa masamba, ndipo manambala oyera anatulukira pamwamba pake, oti ngakhale munthu wodutsa pa njinga awerenga.

“Chimenecho n'chiyani?” anafunsa a Lameki, ataima kumbuyo kwake.

“Ndi chothandiza kuti nambala ioneke, amalume. Nkhope sindinaikhudze.”

“Chotsa.”

“Amalume…”

“Ndati chotsa! Sukuona kuti mdima ukuwadya mayi ako kuyambira kumapazi? Ukuwatsitsira m'manda ali moyo?”

Anatembenuka naloza khoma la kumanja. Ndipo chowawa n'chakuti sankanama. Pafupifupi pologalamu iliyonse pamenepo inali ndi kamdima komweko, kokwera kuchokera pansi, zilembo zoyera zili pamwamba. Feggie anayang'ana khomalo, nayang'ananso galasi. Kamdima kamene anakayala pa anthu a eni osaganiza kanthu, pa miyendo ya mayi ake kanaoneka ngati dothi.

Anakachotsa. Anayesa lamba woyera wopingasa m'munsi, manambala akuda pamenepo. A Lameki anapukusa mutu, nati munthu wamoyo samukuta ndi nsanda. Anayesa zilembo zoyera zokhala ndi mthunzi wakuda kumbuyo kwake, woti uzilekanitse ndi masamba. A Lameki anayandikira khoma, naika chala pa dzina la mphunzitsi wina amene anamwalira chaka chapitacho: zilembo zoyera, mthunzi wakuda.

“Ndiye tichepetse chithunzi,” anatero Feggie. “Chikhale pamwamba, mawu onse akhale pansi, pa pepala loyera. Pamenepo palibe chosokoneza.”

“Monga amachitira m'nyuzi, patsamba la okumbukira omwalira? Chithunzi pamwamba, dzina pansi, kungotsala vesi? Iwe Feggie, manja akowa azolowera maliro. Ukuwalaula mayi ako.”

Musawayese munthu wankhanza a Lameki. Anali munthu amene sanagone tulo teniteni chisowere mlongo wake, amene miyendo inali itatupa ndi kupalasa, amene ankadziwa kuti ndi iyeyo anamusiya pansi pa mtengo. Munthu wotere amaopa chilichonse, ngakhale inki. Komanso anali mwini mbumba. Ku Kaomba nkhani ya a Ezelina ndi ana awo inkathera pa iwo, ndipo kompyuta sinasinthe zimenezo.

“Lemba zofiira,” anatero. “Pamasamba pomwepo, popanda choyala. Monga kalendala ya a mbewu ili kunyumba ija. Kufiira ndi magazi a munthu wamoyo.”

Feggie analemba zofiira. Anasankha zilembo zonenepa, nafunafuna pamene masamba anali obiriwira mofanana, kumanzere kwa siketi ndi m'munsi mwake, nazikhazika pamenepo. Pagalasi zinkaoneka ndithu, ngakhale zinkalasa m'maso. Koma iye ankadziwa chinyengo chake. Anadina pena, chithunzi chonse chinasanduka chotuwa, chopanda mtundu, ndipo manambala aja anazimirira m'masamba ngati mchere m'madzi.

“Onani, amalume. Kufiira uku ndi kubiriwira uku n'zosiyana mtundu wokha, koma kuwala kwake n'kumodzi. Makina a fotokope sadziwa mtundu, amangodziwa kuda ndi kuyera. Pepala ili likalowa m'fotokope, nambala yapita.”

“Ndani wanena za fotokope? Bwezera mtundu. Sindikiza.”

“Bwanji ndingoika kamzere koyera kuzungulira manambalawa?”

“Mwana iwe,” anatero a Lameki motsitsa mawu, “ukawonjezera chako pamenepo, mayi ako akakapezeka atafa, mbumba yonse idzadziwa amene anayamba kuwalira.”

Mawu amenewo ndi amene anamumanga manja. Akanatha kudikira amalume achoke n'kusindikiza zake. Anaganiza zimenezo, anafika mpaka potsegula tsamba lija la kamdima. Koma atayang'ana miyendo ya mayi ake ikumira, anatseka. Munthu ukhoza kudziwa bwinobwino kuti inki siipha, koma osayerekeza kuyesera pa mayi ako.

Chinali chaka chija cha kusowa, pamene magalimoto ankagona pa mzere wa mafuta ndipo katundu wa kunja ankachita kufunsidwa monong'ona. Inki ya mitundu inali itatsala pang'ono m'pulinta, ina yosadziwika kuti ibwera liti. Feggie anasindikiza mpaka kubiriwira kunayamba kutuluka mizeremizere, nalekera pomwepo. Mapepala ochepa anasunga kuti amate pa Boma: kumsika, kudepoti ya mabasi, m'khonde la chipatala. Otsalawo anapatsa amalume ake, nabwerezanso kuti asalowe m'fotokope. A Lameki anati amva.

Ndiye kunayamba kudikira. Nambala inali ya Feggie, ndipo foni ija inasanduka khanda. Magetsi akazima ankathamanga nayo kwa wometa tsitsi amene anali ndi batire ya galimoto. Posamba ankaipachika pa msomali wa bafa. Inalira kangapo ndithu: wina waona gogo kumsika, kupita, si iwo, wina akufunsa ngati pali mphotho, wina woledzera akufuna kudziwa ngati mwini nambala ali pabanja. Onse oimbawo anali a pa Boma pomwepa ndi midzi yoyandikira. Kuchokera kutali, kumene amalume ake ankapalasa tsiku ndi tsiku, sikunabwere ngakhale foni imodzi, ndipo Feggie anangoti ndiye kuti mayi sanalowere kumeneko.

Mvula inagwa, anthu anawokera fodya, chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, chinamasula. Feteleza wa kuponi uja a Lameki sanakamutenge n'komwe, ndipo munda wa a Ezelina unachita chikasu pakati pa minda ya anzawo. Ku Kaomba anthu anayamba kulankhula za iwo motsitsa mawu. Maliro sakanalira popanda mtembo, kuseka sakanaseka. A Lameki anaonda mpaka jekete inkaoneka yobwereka, koma m'mawa uliwonse ankatulutsa njinga.

Foni yeniyeni inalira fodya atayamba kuthyoledwa. Anali mawu a mayi, otsika, a kalankhulidwe ka kummwera.

“Ndaona pepala pano pachipatala, lokhala ndi mitundu. Ndabwera ndi mwana wodwala. Inu ndi abale awo a agogo a duku loyerawa?”

“Ndine mwana wawo. Ali kuti? Mwawaona?”

Mayiyo anapuma mpweya wautali.

“Bwerani, achemwali. Nkhani yake si ya pafoni.”

Feggie anadziwa pomwepo. Anatseka shopu osazimitsa kompyuta, nathamanga, koma miyendo inkadziwa kale kuti palibe chothamangira.

Mayiyo dzina lake linali Fainala, mkazi wa tenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi malire a paki ya nyama zakutchire, chakunjira ya ku Lifupa. Kwawo kunali ku Phalombe. Anafotokoza ali chikhalire pakhonde la wodi, mwana ali pamiyendo. Gogoyo anamupeza m'mawa wina kuseri kwa chigafa, mapazi atang'ambika, akutola masamba ouma a chaka chatha n'kumawasanja bwinobwino ngati wozolowera. Zikuoneka kuti anakwera lole ya pa esiteti imene inadzatenga katundu pa Boma, atasakanikirana ndi aganyu. Atamufunsa kwawo, anatchula mudzi umene palibe amene ankaudziwa. Feggie anaudziwa: unali mudzi wa agogo awo a mayi ake, umene unasamuka iye asanabadwe.

Fainala anawasunga a Ezelina. Anawapatsa mphasa, ankagawana nawo phoso lochepa lomwe matenanti amapatsidwa. Anauza kapitawo, kapitawo anati akanena akadzapita ku Boma, koma galimoto inalibe mafuta, kenako mvula inadula msewu, kenako anaiwala. Kupita yekha kupolisi Fainala ankaopa. Tenanti ndi mlendo, ndipo mlendo wopezeka ndi gogo wa eni m'nyumba amayamba ndi iye kufunsidwa. A Ezelina anakhala nawo mpaka Khirisimasi inadutsa. Kenako chifuwa chinawagwira, anagona masiku angapo, natsikira kulichete. Anawaika kumanda a pa esiteti, kumene amaika matenanti ndi ana awo.

Mawa lake, mwana atatulutsidwa m'chipatala, anapita atatu, Feggie, a Lameki ndi Fainala atabereka mwanayo, pa matola mpaka pamene msewu unalola, kwinako wapansi. Manda ake anali pa katsala ka mitengo pakati pa minda ya fodya. Mtumbira unali utamera kale udzu. A Lameki anagwada, nagwira dothi ndi manja onse awiri, nalira mokweza ngati mwana, akuitana mlongo wawo ndi dzina la paubwana. Feggie analira mpaka mutu unamuwawa. Matenanti anasiya kusoka fodya nabwera kudzakhala nawo pansi, anthu osawadziwa, amene anasenza bokosi la matabwa a chigafa m'malo mwa abale.

Atabwerera kukanyumba ka Fainala, anawayalira mphasa pakhonde. A Lameki anathokoza mwaulemu wonse, monga mwini mbumba, kenako mawu anawathawa nafunsa chimene chinkawadya.

“Koma mayi, pepala simunalione? Ine ndinafika kuno. Ndinamata pachigayo chili pamphambano apo, mvula yoyamba isanagwe.”

“Ndinaliona, bambo. Sabata yomweyo.”

Fainala analowa m'nyumba, natuluka ndi pepala lopindapinda limene analisomeka kudenga. Analitambasula pamphasa. Feggie anawerama kuti alione. Linali la fotokope. Mawu akuti ASOWA anali pomwepo, akuda bii pathambo loyera. Nkhope ya mayi ake inali pomwepo, duku likuwala. M'munsi monse munali utsi wokhawokha wa masamba otuwa, ndipo mkati mwa utsiwo, ukapendeka pepala, munkaoneka tizidutswa ta zinthu zonga manambala.

“Amalume,” anatero Feggie.

“Mapepala anatha,” anayankha a Lameki, osamuyang'ana. “Amene unandipatsa aja anathera m'midzi yapafupi. Ndikanaleka? Inki unati palibe. Ndinasunga limodzi, ndinakachulukitsa pa sitolo ina. Ndipo ndinayang'ana, Feggie, ndinayang'ana ndisanamate. Nambala ikuoneka iyi.”

Anaika chala pa utsi paja nayamba kutchula nambala, yonse, mosaphonya, chala chikuyenda m'munsi mwa siketi ya mlongo wawo. Ankaiona ndithu. Nambala imene munthu waitchula kwa aliyense wokumana naye panjira, maso ake amaimaliza okha ngakhale pepala litangoiyamba.

“Ifetu sitinkaidziwa, bambo,” anatero Fainala mofatsa. “Ndinalimatula n'kupita nalo kwa wa pachigayo, poti amawerenga bwino ndipo ali ndi foni. Zoyambirira zinatuluka. Zapakatipa anati mwina eyiti, mwina firii, mwina ziro. Tinayesa. Anayankha bambo wina wa ku Mzuzu. Tinayesanso, inati nambala kulibe. Ina anatitukwana. Ndinagulitsa nkhuku kugula mayunitsi, tinayesa mpaka anatha. Dzina nalo silinkawerengeka. Agogo anali pompano nthawi imeneyo, akusenda nandolo pamene mwakhala inupo.”

A Lameki anachotsa chala papepala. Anayang'ana mphasa imene anakhalapo, nayang'ana njira yopita kuchigayo, yoti munthu wonyamula thumba pamutu amafika osapumula.

Feggie anali ndi mawu okonzeka, owawa, oti akanawalasa amalume ake mpaka tsiku la imfa yawo. Anali ndi ufulu wowanena. Koma mkwiyo wake sunkapeza poima, poti ukafika pa amalume unkabwerera kwa iye mwini. Iye ndi amene ankadziwa. Iye ndi amene anaona manambala akuzimirira pagalasi, nadina batani la pulinta. Amalume ake ankaopa chinthu chimene ankachikhulupirira, pamene iye anaopa chinthu chimene sankachikhulupirira n'komwe.

“Iwo analiona pepalali?” anafunsa, kuti angonena kanthu. “Mayi anga?”

Fainala anazengereza, nasuntha mwana pamiyendo.

“Ndinawaonetsa. Ndinkati mwina akadziona akumbukira. Tsiku limenelo mutu unali bwinoko, poti masiku ena ankachita kuimba nyimbo za m'buku zonse osaphonya. Anadzizindikira. Anati uyu ndine, uwu ndi munda wa bambo a Feggie. Ndi pamene ndinamva dzina lanu koyamba. Ndinati, agogo, ndiye kuti Feggie akukufunani, ndi amene walemba apa, tawerengani. Anatuluka nalo padzuwa, analiyandikiza, analitalikitsa, nthawi yaitali ndithu.”

“Ndiye anati chiyani?”

“Achemwali, anali munthu wodwala.”

“Ndiuzeni.”

“Anandibwezera. Anati, ayi, wolemba apa si mwana wanga. Mwana wanga amagwira ntchito ya zolembalemba ku Boma, akalemba chinthu chimaoneka. Akanakhala kuti akundifuna ndi iyeyo, bwenzi atalemba zooneka.” Fainala anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. “Ndiye anati tidikire, akadzayamba kundifuna mudzaona pepala lake.”

Kuchigafa matenanti anali atabwerera ku ntchito, ndipo kunkamveka mikangala yoyanikira fodya ikugundana. Feggie anafunsa ngati mayi ake anadikira mpaka kumapeto.

“Ankafunsa aliyense wochokera kuchigayo,” anatero Fainala.